Netiweki ikuthamanga akakhala mmodzi, akakhala awiri ikukwawa: vuto la mawailesi osamvana

Wapathanki: Akuluakulu, ndabwera ndi vuto lomwe landizunguza mutu. Ndinamanga netiweki yaing'ono kwathu kuno. Rauta ili pamwamba pa nsanja ya thanki ya madzi, antena yake ndi yomwaza mbali zonse, ndipo ikugwira pa 5 GHz. Zida zake ndi zakale, za 802.11a, liwiro lake lapamwamba ndi 54 Mbps. Kum'mawa kuli sukulu, mtunda wa kilomita ndi pang'ono. Kumadzulo kuli sitolo ya zipangizo zomangira, pafupifupi mamita 900. Konseko ndinaika kawailesi kokhala ndi dishi yoloza kuthanki. Siginolo ili bwino kwambiri: sitolo imafika pa -61 dBm, sukulu pa -64. Ndikayesa kutumiza kuchokera kusitolo kokha ndimapeza pafupifupi 24 Mbps. Kusukulu kokha, chimodzimodzi. Koma onse akayamba kutumiza nthawi imodzi, liwiro la onse pamodzi limagwa mpaka cha m'ma 5 Mbps. Zinayamba kuoneka kwambiri eni sitolo ataika makamera omwe amatumiza zithunzi tsiku lonse kukompyuta yomwe ili m'kanyumba ka pathanki. Awiri akagawana 24, ndimayembekeza aliyense apeze 12 kapena 10. Nanga zinazo zikusowera kuti?

Bambo a Takondwa: Achimwene, ameneyo ndi wakuba. Pali wina amene wapeza pasiwedi yanu ndipo akukoka mafilimu mobisa. Ine zinandichitikirapo kunyumba, bandulo inkatha m'masiku ochepa. Nditasintha pasiwedi zonse zinakhala m'malo. Sinthani lero lomwe.

Wapathanki: Zikomo bambo, koma ndinayang'ana kale mndandanda wa olumikizidwa, muli zida zanga zokha. Komanso poyesapo sindidutsa pa intaneti, ndimatumiza kukompyuta ya pathanki pomwepo, mbali iliyonse pa poti yakeyake:

```
iperf3 -c 192.168.1.2 -p 5201 -t 30
iperf3 -c 192.168.1.2 -p 5202 -t 30
```

Ndikazimitsa mbali imodzi liwiro limabwerera nthawi yomweyo.

Mkulu wa Zingwe: Kumeneko ndi kuwombana kwa mapaketi. Ife tinkaziona kale pa netiweki za zingwe, nthawi ya mahabu. Makompyuta awiri akatumiza limodzi, onse amazindikira kuti awombana, amasiya, amadikira pang'ono n'kuyambanso. Wayifayi imachitanso zomwezo. Kwezani mphamvu ya mawailesi onse mpaka kumapeto, siginolo ikalimba kuwombana kumachepa.

Anambewe: A Zingwe, pa kuwombanapo mwalasa, koma pa zinazo tisiyane pang'ono. Wayifayi siingathe kuzindikira kuwombana pamene ikutumiza. Pachingwe, kompyuta imatumiza uku ikumva zimene zili m'chingwemo, ndipo mawu a mnzake amafika ndi mphamvu yofanana ndi yake. Mumlengalenga sizili choncho. Wailesi ikamatumiza pa 20 dBm, ndiye kuti mamiliwati 100, pomwe mawu a mnzake akutali amafika pa -70 dBm. Kusiyana kwa 90 dB kumeneko ndi kuchulukitsa ka biliyoni. Mawu ake omwe amaigonthetsa.

Ndiye popeza siingazindikire ngozi ili mkati, imayesetsa kuipewa isanachitike. Imayamba yamvetsera. Ikamva kuti tchanelo chili ndi wina, imadikira amalize. Akamaliza siilumphira pomwepo, imadikira kanthawi koikika kotchedwa DIFS, komwe pa zida za a Wapathanki ndi mamayikirosekondi 34, ndipo mayikirosekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Kenako imasankha nambala mwamaere, kuyambira 0 mpaka 15, n'kumawerenga chobwerera, nambala iliyonse ikutenga mamayikirosekondi 9. Wina akayamba kulankhula iyo isanafike pa 0, imaimitsa kuwerengako, ndipo imadzapitiriza pomwe inalekera. Ikafika pa 0 imatumiza. Wolandira akalandira bwino amayankha ndi kauthenga kakang'ono ka ACK patangopita mamayikirosekondi 16. Nthawi imeneyi anaifupikitsa dala kuti yankho lidutse wina aliyense asanamalize 34 yake ija. ACK ikapanda kubwera, wotumiza amangoganiza kuti paketi yawonongeka, amakulitsa maere aja kufika 31, kenako 63, mpaka 1023, n'kuyesanso.

Tsopano taonani pamene pagona nkhani. Dongosolo lonseli laima pa chinthu chimodzi: kuti otumiza amamvana. A Wapathanki, madishi anu awiri aja aloza kuthanki, ali pamtunda wa makilomita awiri wina ndi mnzake. Kodi wailesi ya kusitolo imaimva ya kusukulu?

Wapathanki: Mayi, funso limenelo sindinalifufuze. Koma ndikaganiza, pakati pawo pali chitunda chomwe thankiyo yakhalapo, ndiye kuchokera kusitolo sungaone denga la sukulu. Komanso sali pa mzere umodzi woongoka, sukulu yapendekera chakumpoto.

Anambewe: Ndiye ndikukayikira kwambiri kuti amamvana. Pa tchanelo cha 20 MHz, lamulo la 802.11 limati wailesi iziona tchanelo kuti chatanganidwa ikamva chiyambi cha paketi ya wayifayi pa -82 dBm kapena kuposa. Zida zambiri zimamva mpaka pansi pang'ono kuposa apo, koma chitunda chikatchinga palibe chimene chimadutsa. Choncho sitolo ikamatumiza, sukulu imamvetsera, imapeza kuli zii, n'kutumiza nayo. Onse awiri atsatira lamulo bwinobwino. Koma pathanki mawu awiriwo afika limodzi, wina pa -61 wina pa -64, ndipo rauta siitolapo kanthu. Kumvetsera kumachitika kwa wotumiza, pomwe kuwombana kumachitika kwa wolandira. Wina aliyense wa awiriwa ndi wobisika kwa mnzake.

Zili ngati mfumu yakhala pakhomo pakati pa zipinda ziwiri, m'chipinda chilichonse muli munthu wodzadandaula. Aliyense ndi waulemu, amayamba wamvetsera ngati wina akulankhula, koma khoma likumutchinga kumva mnzake uja. Onse amayamba kufotokoza, mfumu imangomva phokoso.

Pa za kukweza mphamvu, a Zingwe: mukakweza onse awiri, pathanki adzafikabe limodzi, kungoti mofuula. Zikanathandiza zikanakhala kuti kukwezako kukuchititsa kuti amvane, koma chitunda sichisuntha.

Mkulu wa Zingwe: Ndamva mayi. Koma mwanena nokha kuti akawombana amasankha nambala mwamaere. Wina asankha 3, wina asankha 12, ndiye kuti apatukana. Bwanji zimenezo sizikuwapulumutsa?

Wakukoleji: Ndiyese ine kuyankha, mundikonze ndikaphonya. Paketi ya mabayiti 1500, ndi mitu yake, pa 54 Mbps imatenga pafupifupi mamayikirosekondi 250 mumlengalenga. Wosankha 3 adikira 27, wosankha 12 adikira 108. Kusiyana kwawo ndi 81 basi. Akanakhala kuti akumvana, wa 12 uja akanamva mnzake wayamba ndipo akanaimitsa kuwerenga. Koma sakumumva, ndiye apitiriza kuwerenga, afika pa 0 mnzake ali mkati mwa paketi yake, n'kumugwera pamwamba. Ngakhale wina atasankha 0 wina 15, kusiyana ndi 135, sikukwanabe 250. Ndiye kuti akayamba kuwerenga nthawi imodzi, ulendo woyamba kuwombana n'kosapeweka.

Anambewe: Mwawerenga bwino mwana wanga, palibe chokonza. Maere aja anawapangira anthu omvana, omwe amangofunika kusiyana ndi kagawo kamodzi ka mamayikirosekondi 9 kuti wina amve kuti mnzake wayamba. Obisika amafunika kusiyana ndi utali wa paketi yonse. Pa 31 mpata wonse ndi 279, wangopitirira paketi pang'ono, ndiye nthawi zambiri awombanabe. Zimayamba kupepuka cha pa 63 ndi 127, apo n'kuti paketi imodzi yayesedwa katatu kapena kanayi.

Koma chimene chikugwetsa liwiro mpaka 5 si chokhacho. Pali china chomwe anthu ambiri sachiona. Wailesi siidziwa chifukwa chimene ACK sinabwerere. Ikaona mapaketi akulephera motsatizana, imaganiza kuti siginolo yafooka, ndiye imatsitsa liwiro: kuchoka pa 54 kupita 48, 36, 24, mpaka pansi pa 6 Mbps. Siginolo ikafookadi, kutsitsako n'kwanzeru. Koma apa siginolo ili bwino, vuto ndi kuwombana, ndipo kutsitsa liwiro kumatalikitsa paketi. Paketi yomwe ija ya 250 pa 6 Mbps imatenga mamayikirosekondi opitirira 2000. Paketi ikatalika kasanu ndi katatu, mpata woti mnzake aigwere umakulanso, zolephera zimachuluka, wailesi imakakamira pansi pomwepo. Mankhwala amene wailesi yadzipatsa ndi amene akukulitsa matenda.

A Wapathanki, musandikhulupirire chabe, yesani. Lowani mu wailesi ya kusitolo, osati mu rauta, muthamange lamulo ili makamera akutumiza okha, kenako mubwerezenso sukulu itayamba kutumiza:

```
iw dev wlan0 station dump
```

Yang'anani mizere ya `tx retries`, `tx failed`, `tx bitrate` ndi `signal`. Ngati ndi obisika, `signal` sisintha, koma `tx retries` ithamanga ndipo `tx bitrate` itsika. Ndanena kuti osati mu rauta chifukwa manambala a rauta amawerenga zimene rautayo yatumiza, pomwe zikuwonongekazo ndi zimene ikulandira.

Wakujoni: Moni nonse. Ine kuno ku Joni ndimakhala m'nyumba zosanjikiza, foni ikasaka imaona mawayifayi oposa makumi awiri. Madzulo anthu akaweruka netiweki imafa. Ndinasintha tchanelo kuchoka pa 6 kupita pa 11, zinakhalako bwino. Achimwene apathanki, mwina nanunso mungosintha tchanelo.

Wapathanki: Akulu, kuno ndikasaka palibe wayifayi ina pa 5 GHz, ndili ndekha. Ndinayesa 36, ndinayesa 44, zotsatira n'zomwezo.

Anambewe: A ku Joni, vuto lanu ndi lina ngakhale ndi apachibale. Kwanu marauta ambiri akumvana ndipo akupatsana mpata, choncho aliyense amadikira nthawi yaitali. Kuthawira tchanelo chopanda anthu kumathandiza. Kwa a Wapathanki owombanawo ali pa rauta imodzi, akasamuka amasamukira limodzi. Komabe m'nyumba ngati zanuzo obisika samasowa: laputopu ya kuchipinda ndi foni ya kukhitchini zimatha kusamvana chifukwa cha makoma a konkire, rauta ili pabalaza ikuzimva zonse. Kungoti mafoni amatumiza pang'ono, ndiye sizioneka kwambiri. Makamera ndi amene amaulula vutoli chifukwa sapuma.

Wapathanki: Ndabwerako kusitolo. Makamera akutumiza okha, `tx bitrate` inali pa 54, ndipo mapaketi obwerezedwa anali ochepa, mwina atatu pa zana lililonse. Nditauza mnyamata wa kusukulu kuti ayambe kutumiza, `signal` inakhalabe pomwe inali, koma obwerezedwa anakwera kupitirira theka la otumizidwa, `tx bitrate` inkavina pakati pa 12 ndi 18, nthawi zina mpaka 6. Ndayesanso china. Kuseri kwa sukulu kuli nyumba ya aphunzitsi yomwe ilinso ndi kawailesi kake, pafupi kwambiri ndi ka sukulu. Nditazimitsa makamera n'kutumiza kuchokera kusukulu ndi kunyumbako nthawi imodzi, anagawana bwino, wina 11 wina 12.

Wakukoleji: Kuyesa kwachiwiriko ndiye kwamaliza mlandu. Otumiza ndi awiri chimodzimodzi, rauta yomweyo, tchanelo chomwecho, mtunda wofanana. Chasintha n'chakuti awa akumvana.

Mkulu wa Zingwe: Chabwino, ndavomera. Ndiye mankhwala ake ndikuwadziwa, ndinaonapo pa tsamba la zosintha za rauta pali bokosi lolembedwa `RTS Threshold`, muli nambala 2347. Itsitseni pa rautapo ifike 500, nkhani yatha.

Wapathanki: Ndaitsitsa pa rauta monga mwanenera, ndayesanso. Palibe chasintha, tikadali pa 5.

Anambewe: Bokosilo ndi lomwelo a Zingwe, koma chida n'china. Ndifotokoze mmene zimayendera kuti muone chifukwa chake.

Wailesi yomwe yauzidwa kugwiritsa ntchito RTS siiyamba ndi paketi yaikulu. Imayamba yatumiza kapempho ka mabayiti 20, kotchedwa RTS, konena kuti ndili ndi katundu, ndikufuna tchanelo kwa nthawi yakutiyakuti. Rauta ikalandira imayankha ndi CTS, ya mabayiti 14, yomwe imabwereza nthawi yotsalayo. Phindu lonse lili pa yankho limeneli. Sukulu siingamve pempho la sitolo, koma yankho la rauta imalimva, chifukwa pathanki aliyense amamva. Ikamva CTS yopita kwa wina, imatenga nthawi yolembedwamo n'kuiika mu kawotchi kake kamkati kotchedwa NAV, ndipo mpaka kawotchiko katatha imakhala chete ngakhale makutu ake akuiuza kuti kunja kuli zii. Ndiye kuti rauta yabwereketsa makutu ake kwa amene sakumva.

Tsono `RTS Threshold` imalamulira zimene chida chimenecho chimachita chikamatumiza. Paketi yoposa nambala imeneyo iyambe ndi pempho, yochepera ipite mwachindunji. Nambala ya 2347 ndi yaikulu kuposa paketi wamba iliyonse, ndiye tanthauzo lake n'kuti zazimitsidwa. Mukaitsitsa pa rauta, ndiye kuti rauta izipempha isanatumize kwa makasitomala, koma rauta sinali yobisika kwa aliyense. Ofunika kupempha ndi sitolo ndi sukulu. Ikani pa mawailesi awo onse, ndi ya nyumba ya aphunzitsi yomwe:

```
iw phy phy0 set rts 500
```

Pa rauta bwezerani momwe zinalili. Dziwaninso kuti lamulo limeneli limafufutika chida chikazimitsidwa, ndiye zikagwira mudzalilembe mu zosintha zokhazikika za chidacho.

Bambo a Takondwa: Pepani mayi, ine ndine wakutali ndi zimenezi koma ndikutsatira. Ngati awiriwa sakumvana, kodi mapempho awowo sangawombanenso?

Anambewe: Funso labwino bambo. Amawombana ndithu. Kusiyana kwake ndi kukula kwa chimene chatayika. Pempho, ngakhale litumizidwe pa liwiro lotsikitsitsa la 6 Mbps, limatenga mamayikirosekondi 52. Kuti mapempho awiri aphonyane akungofunika kusiyana ndi tizigawo tisanu ndi kamodzi ta maere aja, pomwe mapaketi athunthu amafuna pafupifupi makumi atatu. Ndipo akawombana, wataya 52, osati 250 kapena 2000. Komanso paketi yaikuluyo ikamadutsa bwino, wailesi siipezanso chifukwa chotsitsira liwiro, ndiye msampha uja wa kutsika n'kumatsikabe umaduka.

Wakukoleji: Koma mayi, mtengo wake ine ukundiopsa. Ndawerenga: RTS 52, kudikira 16, CTS 44, kudikiranso 16, zonse 128. Popanda RTS, paketi imodzi pa 54 Mbps ndi kudikira kwake konse ndi ACK imatenga pafupifupi 390. Tikaonjezera 128 tafika cha pa 520. Ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi likupita ku kupemphana. N'chifukwa chake opanga zida amazimitsa kuchokera kufakitale?

Anambewe: N'chomwecho. Pamene aliyense akumva mnzake, RTS ndi msonkho wopanda phindu. Zida zina zimatumiza mapempho pa 24 Mbps, apo RTS ndi CTS zimatenga 28 iliyonse ndipo msonkho umatsika kufika 88, koma sutha. N'chifukwa chakenso pali malire a kukula kwa paketi: kupemphera tchanelo kapaketi ka mabayiti 80 n'kutaya nthawi, chifukwa pempho ndi yankho lake zimatalika kuposa kapaketiko. Kwa a Wapathanki funso si lakuti 24 kapena 18. Ali pa 5. Kulipira gawo limodzi mwa anayi kuti uchoke pa 5 ndi malonda abwino.

Pa zida zatsopano, kuyambira 802.11n, masamu amakomera RTS kwambiri, chifukwa zimamanga mapaketi ambiri m'mtolo umodzi wotenga mamilisekondi angapo, ndipo pempho limodzi limateteza mtolo wonse.

Vutoli si la lero ayi. Fouad Tobagi ndi Leonard Kleinrock analilemba mu 1975, ndipo njira yawo inali yakuti siteshoni yapakati iziliza kamvekedwe pa tchanelo china nthawi yonse imene ikumva wina akutumiza. Njira ya pempho ndi yankho anaifotokoza Phil Karn mu 1990, akuganizira mawailesi a anthu okonda kulumikizana pawokha, ndipo inadzalowa mu 802.11 yoyamba ya 1997. Chomwe chimandikhudza ine n'chakuti ambiri omanga netiweki za m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono amamanga ndendende mmene vutoli limakondera: nsanja pakati, madishi kuzungulira, aliyense wapatsa mnzake msana kapena phiri. Wayifayi anaipangira chipinda cha ofesi momwe onse amamvana.

Wapathanki: Nazi zotsatira. Ndaika 500 pa mawailesi atatu onse. Sitolo yokha tsopano ikupereka cha pa 19, yatsika monga ananenera a Wakukoleji. Onse awiri pamodzi akupereka pakati pa 16 ndi 17, ndipo `tx bitrate` yakhazikika pa 54 ndi 48. Zithunzi za makamera zasiya kudukaduka. Koma kagawidwe sikali bwino: sitolo ikutenga 11, sukulu 5 kapena 6. Komanso kusukulu obwerezedwa akadalipo ochulukirapo ndithu.

Mkulu wa Zingwe: Sitolo ili pafupi, mawu ake ndi amphamvu. Akawombana, rauta imamva wamphamvuyo. Tsitsani mphamvu ya kusitolo pang'ono kuti afike mofanana.

Anambewe: Zimenezo zimachitikadi, wolandira amatha kugwira mawu amphamvu n'kuponda ofooka, makamaka pa liwiro lotsika ngati la mapempho. Koma kusiyana kwa 3 dB n'kochepa, sindikuganiza kuti ndiko kukufotokoza zonse. Ine ndikuona china. Amene wangopambana amabwerera ku maere ang'onoang'ono a 0 mpaka 15, pomwe wolephera ali pa 63 kapena 127. Wopambanayo amabweranso msanga, n'kupambananso. Makamera ali ndi katundu wokonzeka nthawi zonse, ndiye sitolo ikangogwira tchanelo imachedwa kuchisiya.

Palinso kabowo kena komwe RTS siitseka. Ngati sukulu ikutumiza pempho lake pa nthawi yomwe rauta ikuyankha sitolo, siimva CTS imeneyo, paja wailesi ikamalankhula siimva. Kawotchi kake sikaikidwa. Ikadikira pang'ono imatumizanso pempho, lomwe limagwera pakati pa paketi ya sitolo. Ndiye zotsala mukuzionazo zina n'zimenezo. RTS imachepetsa, siichotseratu.

Mkulu wa Zingwe: Komabe kuyesa n'kwaulere. Atsitse ndi 3 dB aone. Ngati kagawidwe kasintha ndiye kuti ndanena zoona.

Wakukoleji: Ine ndikanatsitsa malire aja kufika 0 kapena pafupi, kuti chilichonse chizipempha. Timapaketi tating'ono ta sukulu, monga mayankho a TCP ana akamakoka zinthu pa intaneti, tikupitabe osapempha.

Anambewe: Tikupita osapempha, inde, koma timalemekezabe NAV. Sukulu ikamva CTS ya sitolo siitumiza chilichonse, chachikulu kapena chaching'ono. Chomwe timapaketito tilibe ndi chitetezo chatokha, ndipo popeza n'tafupi kuposa pempho ndi yankho pamodzi, kutiteteza n'kodula kuposa kutibwereza. Ine pansi pa 250 sindingapite. Koma nambala yeniyeni yabwino imadalira katundu amene akudutsa, ndipo ndaonapo anthu odziwa ntchito akusiyana maganizo pa zimenezi. Yesani 250, 500 ndi 1000 pa nthawi ya phuma, muone nokha.

Wakujoni: Nanga bwanji osangogula zida zatsopano? Kuno makampani ang'onoang'ono ogulitsa intaneti ya pansanja sagwiritsa wayifayi wamba.

Anambewe: Apo mwanena zenizeni. Zida zopangidwira nsanja, monga airMAX ya Ubiquiti kapena Nv2 ya MikroTik, zimasiya mpikisano wa kumvetsera ndi maere. Nsanja ndi imene imagawa nthawi: iwe tumiza tsopano, iwe dikira. Zikatero kusamvana kwa makasitomala kulibenso ntchito, chifukwa palibe amene akudalira makutu ake. Kuipa kwake n'kwakuti mbali zonse ziyenera kukhala za kampani imodzi, ndipo foni kapena laputopu wamba siingalumikizike pa Nv2. Njira ina yosafuna kusintha zonse ndi kuika wailesi yachiwiri pathanki, ina iyang'ane kum'mawa ina kumadzulo, pa matchanelo otalikirana. Apo sukulu ndi nyumba ya aphunzitsi, omwe amamvana kale, akhala paokha, sitolo payokha, ndipo RTS mutha kuizimitsa. Muzitalikitse pansanjapo, chifukwa mawailesi awiri ogundizana amasokonezana ngakhale matchanelo asiyane.

Wapathanki: Ndalama yosinthira zida zonse pakadali pano palibe, koma wailesi imodzi yoonjezera ndingaikwanitse. Chondidetsa nkhawa n'chakuti pali anthu ena awiri akufuna kulumikizidwa, wina ali kumwera kuseri kwa msika, wina cha kumpoto chakumadzulo. Ndikagawa kum'mawa ndi kumadzulo, wa kumpoto chakumadzuloyo agwera mbali ya sitolo, ndipo sindikuganiza kuti amvana ndi sitoloyo, pali mitengo ya bulugamu ndi nyumba zamalata pakati pawo.

Anambewe: Ndiye musanamulumikize kayeseni. Tengani wailesi yomwe mudzamuikire, muiloze kuthanki monga idzakhalire, muiike pomvetsera chabe pa tchanelo chanu makamera akutumiza, mujambule zomwe ikumva. Mu pulogalamu yoonera mapaketi ya Wireshark sefani ndi `wlan.fc.type_subtype == 0x1b` kuti muone ma RTS, ndi `0x1c` kuti muone ma CTS. Mukaona ma CTS a rauta akungodutsa koma RTS ya sitolo osaoneka ngakhale imodzi, ndiye kuti nayenso ndi wobisika, ndipo mbali imeneyo RTS ikhalebe yoyaka.

Mkulu wa Zingwe: Ndipo za 3 dB zija musaiwale. Ndikufuna ndione manambala ake.

Wapathanki: Ndiyesa Loweruka makamera ali mkati, poyamba mphamvu ya kusitolo yokha, kenako malire a 250 ndi 1000 padera, kuti ndisasakanize. Mayi Anambewe, funso lina: wailesi yachiwiriyo ndikaiika, mtunda wochepetsetsa pakati pa ziwirizo pansanja ukhale wotani? Pamwamba pa thanki malo ake ndi ochepa, mwina mita imodzi ndi theka basi.